Musanagule foni ya 5G, yambani mwayeza netiweki ya pakhomo panu

Alamu anga amakhala cha ku Khombedza ku Salima, mbali ya kuzambwe kwa msewu wa M5, ndipo amagula mpunga kwa alimi n'kumautumiza kwa makasitomala awo ku Lilongwe. Malonda ambiri amayendera pa WhatsApp. Kasitomala amafuna aone kaye kavidiyo ka mpungawo, njere zake zili m'dzanja, ndiye atumize ndalama. Tsiku lina anandipeza pa Kamuzu Road nkhope ili gwaa, akuti kavidiyo kamodzi kawatengera pafupifupi ola lonse, mpaka kasitomala anakagula kwina. "Alamu, ndiperekezeni ndikagule foni ya 5G. Iyiyi yatha ntchito." Ndinawapempha kuti ndalamayo aibweze kaye m'thumba, tikaone kunyumba kwawo. Zimene tinachita kumeneko ndi zimene ndikulemba apa, chifukwa aliyense angathe kuzichita ndi foni imene ali nayo kale.

Choyamba, yang'anani kachilembo kamene kali pafupi ndi timizere ta netiweki

Yatsani deta, muzimitse Wi-Fi, kenaka muyang'ane pamwamba pa foni. Pafupi ndi timizere tija pamakhala kachilembo kakang'ono. Anthu ambiri amangowerenga timizere, koma kachilemboka ndi kamene kamakuuzani mtundu wa msewu umene foni yanu yakwera.

Mukaona G kapena E, muli pa GSM, imene ambiri amaitchula kuti 2G. Iyi ndi nkhalamba ya banja lonse. Inayamba kugwira ntchito ku Finland mu 1991, ndipo anaipangira kuimbirana ndi kutumizirana mauthenga afupiafupi, osati zithunzi. Intaneti anachita kuisomekamo pambuyo pake: G ndi GPRS, E ndi EDGE. Pa E, liwiro likafika pa 0.1 kapena 0.2 Mbps ndiye kuti tsikulo mwadzuka bwino. Mukaona 3G, H kapena H+, muli pa m'badwo wachitatu, umene nthawi zambiri umapereka ma Mbps angapo. Mukaona 4G kapena LTE, mayina awiriwa pa foni yanu akunena chinthu chimodzi. LTE inayamba ku Stockholm ndi ku Oslo kumapeto kwa 2009, ndipo iyoyo anaipangira intaneti kuchokera pachiyambi. Malo abwino imatha kupereka ma Mbps 10, 20 ngakhale kuposa apo. 5G ndiye chitsirizira, inayamba kufalikira mu 2019.

Mawu oti Mbps asakuopseni. Amanena kuchuluka kwa mamegabiti amene akudutsa pa sekondi imodzi. Chosokoneza n'chakuti bandulo ndi mafayilo timaziwerenga m'mamegabayiti, MB, ndipo megabayiti imodzi ndi mamegabiti 8. Tsono kavidiyo ka alamu anga kanali ka 30 MB. Kuchulukitsa ndi 8, ndi mamegabiti 240. Pa E ya 0.1 Mbps, pamafunika masekondi 2,400, omwe ndi mphindi 40. Pa H+ ya 2 Mbps ndi mphindi ziwiri. Pa LTE ya 10 Mbps ndi masekondi 24. Pa 5G ya 200 Mbps, mukamaphethira kawiri katha kale.

Yang'anitsitsani kusiyana kumeneku. Kuchoka pa mphindi 40 kufika pa masekondi 24 ndiko kumapulumutsa malonda. Kuchoka pa masekondi 24 kufika pa sekondi imodzi n'kokoma, koma palibe kasitomala wa mpunga amene angathawe chifukwa cha masekondi 23. Alamu anga sankasowa 5G. Ankasowa 4G imene foni yawo inali nayo kale, koma imene sinkawafikira pamene amakhala.

Kumbukiraninso kuti kutumiza kumachedwa kuposa kulandira. Nsanja ya netiweki ili ndi mphamvu zambiri ndi zida zikuluzikulu, pomwe foni yanu ikuyankha ndi kabatire kakang'ono. Zili ngati munthu wa chimkuzamawu amene akulankhula ndi mwana ali tsidya la dambo: mwanayo akumva zonse, koma kuti iye amveke ndi ntchito. N'chifukwa chake mutha kumaonera mavidiyo a anzanu bwinobwino, wanu n'kumakanika kupita.

Titafika kunyumba kwa alamu, tinakhala pabalaza, pamene amakhala akamachita malonda awo. Timizere tinali todzadza, tonse tinayi. Kachilembo kanali E. Iwo ankakhulupirira timizere todzadzato, osadziwa kuti tikuwauza za mphamvu ya 2G basi. Timizere timayeza netiweki imene foni yagwira pa nthawiyo. Tinayi ta E n'tochepa mphamvu pa intaneti kuyerekeza ndi kamodzi kapena tiwiri ta 4G.

Chachiwiri, tsimikizani kuti vuto si foni kapena simu

Musanayambe kunyoza nsanja, onani zinthu zitatu za m'manja mwanu momwemo.

Lowani mu Settings, mufufuze pamene alemba Mobile network kapena SIM cards, mupeze mawu oti Preferred network type. Mafoni amasiyana kalembedwe, ena amalemba Network mode. Pamenepo payenera kukhala posankhidwa pamene pali 4G kapena LTE pamodzi ndi zinazo, monga 4G/3G/2G (Auto). Ndakumanapo ndi mafoni ambiri amene mwana anawaika pa 2G only pofuna kusunga moto, mwini wake n'kukhala chaka chathunthu akudandaula. Ngati pa mndandanda wa simu ya deta palibiretu 4G kapena LTE, ndiye kuti foniyo ilibe, ndipo apa ndi pamene kugula ina kuli ndi nzeru.

Kenaka simu. Simu yakale kwambiri, ija munagula kalekale nthawi ya mafoni a mabatani okhaokha, itha kukana kulowa pa 4G ngakhale foni ili yatsopano. Njira yodziwira ndi yosavuta: pitani nayo pamalo pamene anzanu a kampani yomweyo akugwira 4G, monga pa boma. Ngati awo akuonetsa 4G inu muli pa H kapena E, bwerekani simu ya mnzanu muike m'foni mwanu. Ikagwira 4G, vuto ndi simu yanu. Pitani ku shopu ya kampaniyo ndi chiphaso chanu cha unzika akakusinthireni, nambala imakhala yomweyo.

Chachitatu chimakola anthu ambiri kuno, poti pafupifupi tonse timayenda ndi masimu awiri, ya TNM ndi ya Airtel. Mafoni ambiri otsika mtengo amapereka 4G kwa simu imodzi yokha, imene mwaisankha kuti ikhale ya deta, inayo n'kutsalira pa 2G kapena 3G. Choncho mukafuna kuyerekeza makampani awiriwa, musangoyang'ana timizere tawo pambali ndi pambali. Sinthani simu ya deta, mudikire mphindi imodzi, ndiye muone kachilembo.

Foni ya alamu anga inapambana mayeso onse atatu. Pa Kamuzu Road paja inkaonetsa 4G. Vuto linali pakati pa nsanja ndi mpando wawo wa pabalaza.

N'chifukwa chiyani E imafika pamene 4G safika?

Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa amene wamvetsa izi sadzanamizidwanso ndi wogulitsa foni.

Foni ndi wailesi yaing'ono, ndipo imalankhula ndi nsanja kudzera m'mafunde a mumlengalenga. Mafundewa alipo aatali ndi aafupi, ndipo amawayeza m'ma MHz: nambala ikakhala yaing'ono, funde ndi lalitali. Amene anakhalapo kunyanja amadziwa. Funde lalikulu la mwera limayenda mtunda wautali, limazungulira mwala n'kupitirira. Timafunde tating'ono ta kamphepo kayaziyazi timathera pa bango loyamba. Mafunde a foni amachitanso chimodzimodzi. A nambala yotsika, monga 800 kapena 900 MHz, amafika kutali ndipo amalowa bwino m'nyumba. A nambala yokwera, monga 1800, 2100 kapena 2600 MHz, amatopa msanga, ndipo khoma, masamba ndi phiri zimawafooketsa kwambiri. Ubwino wawo ndi wakuti kumtunda kumeneko kuli malo otakasuka, ndiye kampani imatha kutsegula msewu waukulu wonyamula deta yambiri.

GSM imayenda pa 900 ndi 1800 MHz, ndipo kumidzi imadalira kwambiri 900. Komanso mawu a munthu safuna msewu waukulu. Ndicho chifukwa chake mumatha kuimba foni muli pakati pa munda wa chinangwa kumene intaneti kulibiretu. LTE itha kuikidwa pa mafunde osiyanasiyana. Ikakhala pa 800 MHz imafika kutali ngati 2G yomwe, koma ikakhala pa 1800 kapena kuposa, dera lake limachepa. Choncho si zoona kuti 4G payokha ndi yofooka. Zimatengera mafunde amene aikidwa pa nsanja ya kwanuko, komanso ngati foni yanu imawadziwa mafundewo. Pa bokosi la foni kapena pa tsamba la kampani yopanga foniyo amalemba manambala a mafundewa: B20 ndi 800 MHz, B3 ndi 1800 MHz. Foni yobwera ndi m'bale kuchokera ku America nthawi zina imasowa ena mwa mafunde ogwiritsidwa ntchito kuno, ndiye imagwira 4G m'tauni koma kumudzi n'kumangokhalira E.

Dera lathu lino lili ndi khalidwe lake. Kunyanja kulibe chotchinga, ndiye mafunde amayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi. Msodzi wa ku Senga Bay kapena ku Chia atha kuimba foni ali kutali ndi gombe, pomwe munthu wokhala kuseri kwa kaphiri, pafupi ndithu ndi nsanja, akusowa netiweki. Koma pamadzi pomwepo GSM ili ndi malire ake. Inapangidwa moti foni zimalankhula mosinthana, iliyonse kanthawi kake, ndipo foni ikatalikira kupitirira makilomita 35, mawu ake amafika mochedwa n'kulowa m'nthawi ya ina. Nsanja wamba imakana foni yotero ngakhale timizere tikuoneka. Mbali ya kumtunda, kulowera ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi kapena m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota, chimalamula ndi phiri. Mukakhala m'chigwa, mafunde amadutsa pamwamba pa mutu wanu.

Ndiye pali nyumba zathu zomwe. Malata ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimabweza mafunde. Khoma la njerwa zootcha lopaka simenti limadya gawo lina. Mitengo ya mango yozungulira nyumba, imene timaikonda chifukwa cha kutentha kwa mu Okutobala, imadyanso gawo lake, makamaka masamba akanyowa. Nyumba ya alamu anga ili ndi zonsezi: malata atsopano, njerwa zootcha, ndi mango akuluakulu atatu mbali ya kumsewu. Nyumba yaudzu ya amayi awo, pabwalo lomwelo, imagwira netiweki bwino kuposa yawo. Alamu atamva zimenezi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Chachitatu, yezani ndi nambala, osati ndi timizere

Kampani iliyonse yopanga mafoni imajambula timizere mmene ikufunira. Foni ina imaonetsa titatu pamene inzake ikuonetsa kamodzi. Koma mkati mwa foni muli nambala yeniyeni. Pa Android lowani mu Settings, kenaka About phone, mupeze SIM status (pa mafoni ena muyambe mwalowa mu Status). Muona mzere wolembedwa Signal strength, ndi nambala yokhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo ndi zilembo dBm kumapeto. Mafoni ambiri a Android amatsegulanso tsamba la zoyezera mukalemba izi pamalo poimbira:

```
*#*#4636#*#*
```

Mafoni a Samsung kawirikawiri amakana nambala imeneyi, iwo amalola iyi:

```
*#0011#
```

Pa tsamba limeneli ingowerengani, musasinthe zimene simukuzidziwa.

Kawerengedwe kake n'kosemphana ndi mmene tinazolowerera: nambala ikamayandikira ziro, ndiye kuti zili bwino. Foni ikakhala pa 4G, -80 ndi netiweki yamphamvu kwambiri, ngati mwaima moyang'anizana ndi nsanja. Pakati pa -90 ndi -100 zinthu zimayenda bwino. Kuyambira -100 mpaka -110 mutha kugwira ntchito koma liwiro latsika. Kupitirira -110 foni ili pamphepete, ndipo ikangofooka pang'ono imataya 4G n'kutsikira ku 3G kapena E. Manambala awa ndi a 4G okha. A 2G amayezedwa mwanjira ina, choncho musayerekeze -85 ya E ndi -105 ya 4G n'kumati E yapambana.

Manambalawa amaoneka oyandikana koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Kusintha kwa 3 kokha ndiye kuti mphamvu yawirikiza kawiri. Kusintha kwa 10 ndi kakhumi.

Kuti muyeze 4G pamalo pamene foni ikuthawira ku E, muyenera kuikakamiza kwa kanthawi. Mu Preferred network type muja, mafoni ena ali ndi 4G only kapena LTE only. Sankhani pamenepo, kenaka yendani pang'onopang'ono ndi foni m'manja. Paliponse imani theka la mphindi, poti nambalayo imachedwa kusintha. Tengani pepala muzilemba.

Ife tinayambira pampando wa pabalaza: -113. Kuchipinda kunalibiretu kanthu. Pawindo la kukhitchini, limene limayang'ana kum'mawa kudzera pampata wa pakati pa mango awiri, tinapeza -103. Tinatuluka, tinakwera pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi: -97. Ndiye kuti pawindo mphamvu inali kakhumi kuposa pampando, ndipo pachulu inali kanayi kuposa pawindo. Mtunda wa pakati pa mpando ndi windo ndi mapazi asanu ndi awiri.

Tinatumiza kavidiyo komwe kaja tili pawindopo, ine ndikuyang'ana wotchi. Kanapita m'mphindi imodzi ndi theka. Gawani mamegabiti 240 ndi masekondi 90, mupeza pafupifupi 2.7 Mbps potumiza. Si liwiro lodzitamandira nalo, koma alamu anga anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye chaka chonsechi 4G imakhala kukhitchini ndi azimayi?"

Njira yoyezera ndi wotchi imeneyi ndimaikonda kuposa mapulogalamu oyezera liwiro monga Speedtest, chifukwa iwo amadya deta, ndipo netiweki ikakhala yothamanga amadya yochuluka. Wa bandulo ya tsiku limodzi asamale nawo.

Mukatha kuyeza, bwezerani foni pa Auto

Ichi musachiiwale, chifukwa chingakupwetekeni. LTE ilibe njira yakale yoimbira foni. Mukaimba kapena kuimbiridwa, foni imatsika yokha kupita ku 3G kapena 2G, mukamaliza n'kubwerera ku 4G. Mwina munaonapo kachilembo kakusintha kukhala H kapena E muli pakati poimba. Si kuwonongeka, ndi mmene zinapangidwira. Pokhapokha ngati foni yanu ndi kampani yanu zonse zili ndi VoLTE, imene imadutsitsa mawu pa 4G pomwepo, ndi pamene kutsikaku sikuchitika.

Manambala a nyenyezi aja, monga *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba, kawirikawiri amadutsanso njira yakale yomweyo. Mukaiwala foni pa LTE only, WhatsApp iziyenda bwinobwino, inu n'kumasangalala, koma okuimbirani azimva kuti nambala yanu sikupezeka, ndipo mukafuna kutumiza ndalama foni izingokana. Mnzanga wina wogulitsa usipa anakhala masiku awiri chonchi, akudabwa kuti bwanji makasitomala asiya kumuimbira.

Pa chifukwa chomwechi, 2G musaipeputse. Kwa agogo amene amangofuna kuimbiridwa ndi kulandira ndalama, foni ya mabatani ndiyo yoyenera: imagwira kumene zina zalephera ndipo moto umakhala masiku. Inunso mukakhala paulendo wa kumalo kovuta netiweki ndipo simukufuna intaneti, kuika foni pa 2G kumasunga batire, poti foni imene ikusakasaka 4G yosapezeka imatentha n'kutha moto msanga. Kungoti mukabwerako mukumbukire kubwezera. Ndipo pamene kuimba kukudukaduka, lembani uthenga wamba wa SMS. Umafuna kampata kakang'ono kwambiri, ndipo umadikira mpaka utapeza polowera.

Chachinayi, yezaninso madzulo

Tsiku lotsatira alamu anandiimbira cha m'ma 7 koloko usiku. Aima pawindo lomwe lija, kachilembo ndi 4G, nambala ndi -103 yomwe ija, koma kavidiyo kakukwawa. Apa ndi pamene muyenera kusiyanitsa matenda awiri amene amaoneka ofanana.

Nsanja ili ngati mjigo wa m'mudzi. Madzi amene umatulutsa ndi omwewo, koma mukapita m'mamawa muli nokha mumadzadza ndowa msanga, mukapita nthawi imene mudzi wonse wafika mumadikira. Liwiro la nsanja limagawidwa kwa onse amene alumikizika. Madzulo anthu aweruka, aliyense ali pa mavidiyo ndi mpira, ndiye gawo lanu limachepa. Tsiku la msika pa malo a malonda zimachitikanso chimodzimodzi. Magetsi akathima kwa nthawi yaitali, nsanja imadalira mabatire, jenereta kapena sola, ndipo ina ikazima anthu ake onse amakhamukira ku yoyandikana nayo.

Kadziwidwe kake ndi aka. Ngati nambala ya dBm ili yoipa nthawi zonse, m'mawa ndi madzulo omwe, vuto ndi mtunda kapena zotchinga, ndipo mankhwala ake ndi kusuntha foni. Ngati nambalayo ili bwino koma liwiro limagwa nthawi zina zokha, vuto ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo ngakhale mukwere padenga sizithandiza. Mankhwala ake ndi kusintha nthawi kapena kuyesa simu inayo, poti makampani awiri atha kukhala ndi khamu losiyana pamalo amodzi. Ngati zonse zili bwino koma palibe chikutseguka ngakhale pakati pa usiku, onani bandulo. Mwina yatha, kapena ndi ija ya WhatsApp yokha.

Alamu anga tsopano amajambula mavidiyo awo masana, kuwala kuli bwino, n'kuwatumiza m'mamawa asanapite kokagula mpunga.

Chachisanu, bweretsani netiweki pamene mumakhala

Munthu sangachitire malonda onse ataima pawindo la kukhitchini, utsi uli m'maso. Tinatenga foni yakale ya mwana wawo, yosweka galasi koma ya 4G, tinaikamo simu ya deta, tinayatsa Hotspot, n'kuiika pawindo lija. Foni ya alamu imalumikizika kwa iyo pa Wi-Fi ali pampando wawo. Foni ya pawindoyo, poti siimbiridwa, ndi imene mungaisiye pa LTE only osaopa kanthu. Chofunika ndi kuiteteza ku dzuwa, chifukwa foni yoyatsa Hotspot imatentha kale payokha, ndipo dzuwa la ku Salima likawonjezerapo batire imatupa. Ikaninso pasiwedi yovuta, apo ayi bandulo yanu idyetsa mudzi wonse.

Amene ali ndi shopu, sukulu kapena malo ogona alendo angachite bwino kugula rauta ya simu. Malo oiikapo muwasankhe ndi pepala lanu la manambala lija, osati poti pali tebulo labwino. Kukwera m'mwamba kumathandiza kwambiri kuposa kusunthira kumbali, bola musaikankhire pansi penipeni pa malata. Ma rauta ena ali ndi polumikizira mlongoti wakunja, umene mumaumangirira pamtengo wautali n'kuulozetsa kunsanja. Poutembenuza, sunthani pang'ono, mudikire, muwerenge nambala, musunthenso. Timapepala tomata kuseri kwa foni tija amati timakoka netiweki, tisiyeni pamsika pomwepo.

Nanga 5G ija?

5G ndi yothamanga zedi, ndipo imayankha msanga kuposa 4G. Koma liwiro lake lalikulu limachokera pa msewu wotakasuka umene uli pa mafunde a m'mwamba, makamaka cha m'ma 3500 MHz. Mwaona kale zimene mango ndi njerwa zimachita ku mafunde a 1800. A 3500 amavutika koposa, choncho nsanja zake zimayenera kukhala zoyandikana, ndipo makampani amayambira kumene kuli anthu ambiri pamalo ochepa. Kuno kwathu TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023, m'malo ochepa a m'mizinda ikuluikulu. Komanso 5G yambiri imene yaikidwa m'maiko osiyanasiyana imatsamira pa 4G: foni imayamba yagwira 4G, ndiye 5G n'kuwonjezera liwiro pamwamba pake. Foni ya 5G ikafika pamalo popanda nsanja ya 5G imangokhala foni ya 4G, ndipo pampando wa alamu anga ikanatha kugweranso pa E ngati inzake.

Musanalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha 5G, funsani ku shopu ya kampani yanu ngati nsanja ya dera lanu ili nayo, kapena pezani munthu amene ali ndi foni yotero muone kachilembo kake ataima pakhomo panu. Ngati mumakhala ku Lilongwe theka la mwezi, mwina ikupindulirani. Ngati moyo wanu uli pakati pa Chipoka ndi Dwangwa, ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku foni ya 4G ya batire lalikulu, yokhala ndi B20 ndi B3, ndi VoLTE.

Pali misampha iwiri. Rauta ina imaonetsa dzina la Wi-Fi lothera ndi 5G. Imeneyo si netiweki ya m'badwo wachisanu, ndi mafunde a 5 GHz a Wi-Fi ya m'nyumba, ndipo intaneti yake ikuchokerabe pa simu ya 4G ili mkatimo. Wachiwiri ndi mafoni achinyengo olembedwa 5G pa bokosi, ena mpaka amajambula 5G pamwamba pa galasi nthawi zonse. Muli m'shopu momwemo, ikanimo simu yanu, mutsegule SIM status, muwerenge mzere wa Mobile network type. Foni ya 4G yeniyeni pa boma ionetsa LTE. Kenaka tumizani kavidiyo kamodzi mukuyang'ana wotchi, mugawe monga tinachitira paja. Wogulitsa akakana kuti muyese, tulukani.

Dziwaninso kuti liwiro silichepetsa mtengo. Kavidiyo ka 30 MB ndi 30 MB pa E ndi pa 5G pomwe. Chimene chimasintha n'chakuti netiweki ikathamanga, YouTube ndi Facebook zimakweza zokha ubwino wa zithunzi, ndipo mavidiyo amayamba okha musanawakhudze. Alamu anga, titangoika foni ya pawindo ija, bandulo ya mwezi inatha m'masiku asanu ndi anayi, ana ataipeza pasiwedi. Tinasintha pasiwedi, tinayatsa Data saver pa mafoni onse awiri, ndipo mu WhatsApp, pa Storage and data, tinazimitsa zoti mavidiyo a m'magulu azidzitsitsa okha.